Jakisoni Mmodzi pa Nthawi Yake: Kuteteza Bala la Opaleshoni

Mayi akatuluka m'fiyeta atabereka kudzera mu opaleshoni, magadiyani amayamba kuwerenga majakisoni amene akulandira. Tsiku likatha namwino osabwera ndi jakisoni wa mankhwala opha tizilombo, amayamba kudandaula kuti munthu wawo wang'ambidwa pamimba koma angomusiya. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti bala lotukusira limazunza ndipo nthawi zina limapha. Koma jakisoni amene amateteza balalo amabayidwa magadiyaniwo osaona, patatsala mphindi zowerengeka kuti mpeni ukhudze khungu. Akaperekedwa pa nthawi yake, jakisoni mmodziyo amakwana. Akachedwa, majakisoni a sabata yathunthu sangabwezeretse zimene zatayika.

Kumene tizilombo timachokera

Ambiri amaganiza kuti tizilombo toyambitsa mafinya timachokera mumpweya wa m'wodi kapena pa zofunda. Kawirikawiri timachokera kwa wodwala mwiniwake. Pakhungu la munthu aliyense, ngakhale wosamba bwino, pamakhala mabakiteriya ambirimbiri, ndipo mtundu wovuta kwambiri pa mabala ndi wotchedwa sitafilokokasi. Mankhwala opaka pakhungu opaleshoni isanayambe amapha ambiri, koma ena amabisala m'timaenje ta tsitsi ndi ta thukuta. Mpeni ukadutsa, amalowa nawo m'bala. Dokotala akatsegula matumbo, kapena chiberekero cha mayi amene nsupa yake inasweka kalekale, mabakiteriya okhala m'malo amenewo nawonso amapeza njira yofikira m'mnofu.

Choncho nthawi yoopsa ndi yochepa ndipo imadziwika bwino. Imayamba pamene khungu lang'ambidwa, n'kutha pamene bala lasokedwa. Mankhwala oteteza sayeretsa bala kotheratu. Ntchito yake ndi kuchepetsa mabakiteriya olowawo kuti chitetezo cha m'thupi chithe kugonjetsa otsalawo. Kuti zimenezi zitheke, mankhwalawo ayenera kukhala atafika kale m'magazi ndi m'mnofu pa nthawi imene mabakiteriyawo akulowa. Ali ngati mlonda amene amulemba kuti aime pachipata pa maola amene chipatacho chili chotsegula: akafika chitatsekedwa kale, olowa analowa.

Zimene mbira za ku Boston zinaonetsa

Kwa zaka zambiri penisilini atayamba kupezeka, madokotala ankapereka maantibayotiki opaleshoni itatha, wodwala atabwerera ku wodi, ndipo ankadabwa kuona kuti mabala akutukusirabe. Ena anafika poganiza kuti mankhwalawa sathandiza konse poteteza mabala.

Yankho linabwera mu 1961, pamene dokotala wa opaleshoni John Burke wa ku Boston, m'dziko la Amerika, anafalitsa zimene anapeza poyesa pa mbira. Ankaika sitafilokokasi m'khungu la mbirazo, kenako n'kumazipatsa antibayotiki pa nthawi zosiyanasiyana. Mbira zimene zinalandira mankhwala mabakiteriya asanalowe zinkangotupa pang'ono, ngati kuti zabayidwa ndi mabakiteriya akufa. Akachedwetsa mankhwala ndi ola limodzi, kutupa kunkakula. Akachedwetsa maola awiri, kunkakulirakulira. Pakapita maola oposa atatu, chilonda chinkakhala chofanana ndi cha mbira imene sinalandire mankhwala alionse.

Chifukwa chake chili m'mene bala limadzitsekera. Mnofu ukangodulidwa, magazi amaundana n'kupanga ukonde wa timaulusi tomata m'mbali mwa bala. Mabakiteriya amakodwa mu ukondewo. Ngati magaziwo anali ndi mankhwala pamene ankaundana, mabakiteriya amatsekeredwa pamodzi ndi chowapha. Ngati analibe, amatsekeredwa pamalo pofunda, pachakudya chambiri, pomwe mankhwala obwera pambuyo amavutika kufika, chifukwa timitsempha ting'onoting'ono topititsa magazi pamalopo tadulidwa, tamangidwa kapena tawotchedwa poletsa magazi kutuluka.

Patapita zaka 31, mu 1992, David Classen ndi anzake anaonetsa zomwezo mwa anthu. Anatsatira odwala 2,847 amene anachitidwa opaleshoni pa chipatala china cha ku Salt Lake City, n'kumalemba nthawi imene aliyense analandira mankhwala. Mwa amene analandira m'maola awiri omaliza mpeni usanadule, bala linatukusira mwa odwala 6 pa 1,000 alionse. Mwa amene analandira patapita maola oposa atatu chiyambire opaleshoni, linatukusira mwa 33 pa 1,000. Chodabwitsa chinali chakuti amene analandira msanga kwambiri, maola oposa awiri opaleshoni isanayambe, nawonso sanapindule: kwa iwo chiwerengero chinali 38 pa 1,000. Kufulumira kwambiri kunali koipa mofanana ndi kuchedwa.

Nthawi yoyenera ndi iti

Kufulumira kumalakwika chifukwa mankhwala sakhalitsa m'thupi. Titenge sefazolini, amene mayiko ambiri amamugwiritsa ntchito pa nkhaniyi chifukwa amapha bwino mabakiteriya a pakhungu, ndi wotsika mtengo, ndiponso sasokoneza kwambiri mabakiteriya othandiza a m'thupi. Akabayidwa mumtsempha, amafika m'mnofu m'mphindi zochepa, koma impso zimayamba kumutulutsa nthawi yomweyo. Pa maola pafupifupi awiri alionse, theka la amene ali m'magazi limachoka. Wodwala akabayidwa ku wodi 6 koloko m'mawa, kenako n'kudikira pamzere mpaka 11 koloko, mpeni umapeza mankhwala otsala osakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi.

N'chifukwa chake malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse a mu 2016 amati mankhwala aperekedwe mkati mwa mphindi 120 khungu lisanang'ambidwe, poganiziranso mmene mtundu wa mankhwalawo umathera msanga. Kwa mankhwala otha msanga ngati sefazolini, zipatala zambiri zimatsatira malire a mphindi 60. Ndandanda ya mafunso imene bungweli linatulutsa mu 2008, yoti ogwira ntchito m'fiyeta aziwerenga mokweza asanayambe kudula, ili ndi funso lofunsa ngati antibayotiki waperekedwa m'mphindi 60 zapitazo.

Mkati mwa ola limeneli mulibe mphindi yapadera yoti munthu azivutika kuisaka. Mu 2017, madokotala a ku Switzerland anagawa mwachisawawa odwala oposa 5,000 m'magulu awiri. Ena analandira mankhwala patatsala mphindi pafupifupi 40, ena patatsala mphindi pafupifupi 15, ndipo mabala otukusira anali ofanana m'magulu onsewo. Chofunika n'chakuti mankhwala onse akhale atalowa mpeni usanadule, osati maola ambiri m'mbuyo.

Pali mankhwala ena amene safuna liwiro. Vankomaisini amayenera kulowa pang'onopang'ono kudzera mu diripi kwa ola limodzi kapena kuposerapo, chifukwa akalowa mothamanga munthu amafiira khungu, amamva kuyabwa ndipo mphamvu ya magazi imatha kutsika. Ameneyu amayambidwa msanga, mkati mwa maola awiri. Pa opaleshoni ya mwendo kapena mkono imene amamanga lamba woletsa magazi, mankhwala ayenera kutha kulowa lambayo asanamangidwe, apo ayi sangafike kumene akufunika.

Njira yodalirika ndi yakuti jakisoniyu azibayidwa m'fiyeta momwemo ndi wogonetsa odwala, pamene akukonzekera kumugonetsa munthu kapena kumubaya jakisoni wa pamsana. Kulemba pa fayilo kuti wodwala abayidwe ku wodi akamaitanidwa ndiko kumabweretsa mavuto, chifukwa mzere wa m'fiyeta umasintha nthawi iliyonse pakabwera wodwala wa mwadzidzidzi.

Titsatire mayi mmodzi

Tiyerekeze mayi wolemera makilogalamu 68, amene wakhala pa matenda kwa maola ambiri mwana osatsika. Alibe malungo m'thupi, ndipo madzi a nsupa sakununkha. Dokotala waganiza zomuchita opaleshoni 2 koloko masana.

Akafika m'fiyeta, wogonetsa odwala amayamba wamufunsa ngati penisilini kapena mankhwala ena anamuwengapo, ndipo ngati anamuwenga, zinkachitika n'zotani. Funso lachiwirili ndi lofunika, pakuti kumva nseru kapena kutsegula m'mimba si kuwengedwa. Kutupa milomo ndi pakhosi, kubanika kapena kukomoka ndiko kumachititsa kuti asankhe mankhwala a mtundu wina, monga kilindamaisini pamodzi ndi jentamaisini. Mayiyu sanaonepo vuto. Nthawi ili 2:20 amubaya magalamu awiri a sefazolini mumtsempha, pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu mpaka zisanu, ndipo nthawiyo imalembedwa pa pepala. Akanakhala wolemera makilogalamu 120 kapena kuposa, akanalandira magalamu atatu. Kenako amubaya jakisoni wa pamsana, amutsuka pamimba, amufunditsa nsalu. Nthawi ili 2:50 dokotala akudula khungu. Papita mphindi 30, ndipo mankhwala ali ambiri m'mnofu.

Kale sizinkachitika chonchi. Kwa zaka zambiri mankhwala ankaperekedwa mwana atatuluka ndiponso mchombo utapanidwa, poopa kuti angafike kwa khanda n'kubisa matenda ake. Izi zinkatanthauza kuti khungu, mnofu ndi chiberekero zinkadulidwa m'thupi mulibe mankhwala. Kafukufuku wobwerezedwa m'mayiko ambiri anasonyeza kuti kupereka khungu lisanadulidwe kumachepetsa matenda a bala ndi a m'chiberekero, ndipo sanapeze kuti makanda akudwala chifukwa cha zimenezi. Lero bungwe la zaumoyo lija limalangiza kubaya kamodzi, mphindi 30 mpaka 60 asanadule. Pakakhala ngozi yoti sangadikire, monga mayi akutaya magazi kwambiri, amabaya nthawi yomweyo n'kupitiriza. Sachedwetsa opaleshoni chifukwa cha jakisoni.

Mwana watuluka, ndipo pofika 3:40 bala lasokedwa. Chibayireni papita ola limodzi ndi mphindi 20 zokha, kotero kuti mankhwala anali okwanira kuyambira podula mpaka posoka. Ntchito ya antibayotiki yathera pamenepo. Ku wodi mayiyu akufunika mankhwala opha ululu, kuyamba kuyenda msanga, kuchotsedwa paipi ya mkodzo nthawi ikakwana, ndiponso kuonedwa kutentha kwa thupi ndi bala lake.

Pamene jakisoni wachiwiri amafunika

Pali zinthu ziwiri zimene zingachititse kuti abayidwenso, ndipo zonse zimachitika bala likadali lotsegula. Choyamba ndi kutalika kwa opaleshoni. Kwa sefazolini amabwereza pakapita maola anayi, kuwerengera kuyambira pa jakisoni woyamba, osati pamene mpeni unadula. Mayi uja akanapezeka kuti chiberekero chang'ambika moti madokotala akadali mkati 6:20 madzulo, akanalandira magalamu ena awiri. Chachiwiri ndi kutaya magazi. Munthu wamkulu akataya magazi oposa lita imodzi ndi theka, mankhwala ambiri amatayika nawo limodzi, ndipo otsalawo amasungunuka ndi madzi a diripi. Pamenepo amabayanso, ngakhale maola anayi asanakwane.

Kawirikawiri cholakwika chimakhala chotembenuka: jakisoni wofunika wa pakati pa opaleshoni yaitali amaiwalika chifukwa onse atanganidwa, koma majakisoni osafunika a masiku asanu amalembedwa mosalephera.

Chifukwa chake masiku owonjezera sapindulitsa

Bala likasokedwa, mabakiteriya atsopano ochokera m'kati sakhalanso ndi njira, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri khungu limakhala litamata pamwamba. Amene analowa nthawi ya opaleshoni anaphedwa kale, kapena anabisala pamene mankhwala safika bwino: m'magazi oundana, m'mnofu wakufa, pa ulusi wosokera. Bala likatukusira ngakhale jakisoni anabayidwa pa nthawi yake, chifukwa chake chimakhala china, monga magazi otsalira pansi pa khungu, zida zosaphikidwa bwino, shuga wokwera, kuzizidwa kwa wodwala pa tebulo, kapena kumeta tsitsi ndi lezala kumene kumasiya timabala pakhungu. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene jakisoni wa tsiku lachitatu angakonze.

Umboni wake ndi wochuluka. Mu 2020, akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 52 wa odwala oposa 19,000, woyerekeza kusiya mankhwala opaleshoni ikatha ndi kupitiriza. Anapeza kuti kumene jakisoni woyamba anaperekedwa pa nthawi yake, n'kubwerezedwa moyenera pa opaleshoni yaitali, kupitiriza sikunachepetse mabala otukusira. Phindu pang'ono linkaoneka kokha kumene jakisoni woyambayo sanaperekedwe mwa dongosolo. Izi zikutiuza kuti mankhwala a masiku ambiri amangoyesa kuphimba cholakwika cha m'fiyeta, ndipo njira yabwino ndi kukonza cholakwikacho.

Ambiri amanena kuti zimenezi n'za kumayiko olemera, kumene mawodi ndi oyera komanso odwala sapanikizana. Funsoli linayesedwa mu Afirika momwe muno. Pa chipatala cha Bugando ku Mwanza, m'dziko la Tanzania, amayi 500 ochitidwa opaleshoni yobereketsa ya mwadzidzidzi anagawidwa pawiri. Ena analandira jentamaisini ndi metironidazo kamodzi kokha opaleshoni isanayambe, ena anapitiriza kwa maola 24. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2013: bala linatukusira mwa amayi 12 pa 250 amene analandira kamodzi, ndi mwa 16 pa 250 amene anapitiriza. Jakisoni mmodzi sanachepere mphamvu. Wodi ikakhala yodzaza, chimene chimateteza bala ndi kusamba m'manja ndi kumanga bala mwaukhondo. Mabakiteriya ofala m'wodi yotere nthawi zambiri amakhala osamva kale mankhwala amene akuperekedwawo.

Ngakhale kapaipi kotulutsa madzi m'bala si chifukwa chopitirizira mankhwala. Malangizo a bungwe lija amanena zimenezi momveka bwino. Chofunika ndi kukachotsa kakangomaliza ntchito. Pa maopaleshoni ochepa, monga a mtima, malangizo ena amalola kupitiriza mpaka maola 24 kapena kuposerapo pang'ono, koma palibe amene amalangiza masiku asanu kapena asanu ndi awiri kwa munthu wopanda matenda.

Mtengo wa mankhwala osafunika

Wina angati ngati sakuthandiza, mwina sakuwononganso kanthu. Amawononga, ndipo woyamba kupwetekeka ndi wodwala yemweyo. Kafukufuku wa mu 2019 wa odwala pafupifupi 79,000 m'zipatala za asilikali opuma ntchito ku Amerika anapeza kuti kutalikitsa mankhwala kupitirira maola 24 sikunachepetse mabala otukusira, koma kuwonongeka kwa impso ndi matenda oopsa otsegula m'mimba zinkawonjezeka tsiku lililonse lowonjezera. Kutsegula m'mimbako kumabwera chifukwa mankhwala amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, n'kusiyira malo amene amatulutsa poizoni. Jentamaisini akaperekedwa masiku ambiri amatha kuwononga impso ndi makutu, chimene sichichitika kawirikawiri akaperekedwa kamodzi.

Vuto lachiwiri ndi mabakiteriya osamva mankhwala. Tsiku lililonse la antibayotiki limapha ofooka n'kusiya olimba kuti aswane momasuka. Bala la wodwala wotere likadzatukusira, limatukusira ndi mabakiteriya ovuta kuchiza. Ku Malawi nkhaniyi si yakutali. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2016, mabakiteriya a mtundu wa kilebisiyela osamva mankhwala a gulu la seftiriyakizoni anachuluka kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 alionse. Seftiriyakizoni ndi mankhwala amene timadalira pa matenda oumitsa khosi ndi matenda a m'magazi. Amafika patali kuposa mmene kuteteza bala kumafunira, ndipo n'chifukwa chake si amene amasankhidwa poyamba. Kumene sefazolini sapezeka ndipo seftiriyakizoni ndi yekhayo ali m'kabati, chifukwa chobayira kamodzi kokha chimakula kwambiri. Mankhwala amene mayi mmodzi angalandire kwa masiku asanu popanda chifukwa angateteze amayi ena asanu pa tebulo la opaleshoni.

Kusiyanitsa kuteteza ndi kuchiza

Zonse zimene tanenazi zikukhudza munthu amene alibe matenda a mabakiteriya pamalo ochitidwa opaleshoni. Mayi uja akanabwera akutentha thupi, madzi a nsupa akununkha, ndiye kuti m'chiberekero munalowa kale matenda. Chimodzimodzi munthu amene thumbo lake labooka ndipo mafinya afalikira m'mimba. Amenewa akuchizidwa, osati kutetezedwa, ndipo amalandira mankhwala kwa masiku angapo. Ndi bwino kuti fayilo izinena poyera chimene chikuchitika: ngati ndi kuchiza, alembe matenda ake ndi tsiku losiyira. Kumbali inayo, pali maopaleshoni ang'onoang'ono aukhondo, monga kuchotsa chotupa chamafuta pansi pa khungu, amene safuna antibayotiki ngakhale mmodzi.

Kutentha thupi pang'ono pa tsiku loyamba kapena lachiwiri kawirikawiri kumachokera ku kudulidwa kwa mnofu, ndipo kumatha kokha. Kukapitirira, ayenera kufufuza chifukwa chake, monga malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'chiberekero, m'malo mongoyamba majakisoni. Bala lotukusira nthawi zambiri limaonekera pakati pa tsiku lachinayi ndi lakhumi, ambiri atatuluka kale m'chipatala, ngakhale lingathe kuonekera mpaka pa masiku 30. Zizindikiro zake ndi ululu umene ukukula m'malo mochepa, kutupa ndi kutentha m'mbali mwa bala, kutuluka mafinya kapena madzi onunkha, ndi bala kuyamba kutseguka. Munthu akaona zimenezi abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Chithandizo chachikulu ndi kumasula ulusi wina kuti mafinya atuluke ndi kutsuka bala. Antibayotiki amawonjezeredwa ngati matenda akufalikira kapena munthu akutentha thupi. Kugula makapisozi pa golosale n'kumamwa kunyumba kumangochedwetsa zimenezi.

Choncho amene akufuna kudziwa ngati bala la wodwala latetezedwa bwino asawerenge majakisoni a ku wodi. Ayang'ane nthawi ziwiri pa pepala la wogonetsa odwala: imene mankhwala anabayidwa ndi imene khungu linadulidwa. Chipatala chilichonse, ngakhale cha kumudzi, chingatenge mafayilo a maopaleshoni a mwezi watha n'kuwerenga kuti ndi angati amene nthawi ziwirizi zinatalikirana mphindi zosapitirira 60, komanso ndi angati amene analembedwa mankhwala opaleshoni itatha popanda matenda otchulidwa. Chiwerengero choyamba chikamakwera ndipo chachiwiri chikamatsika, odwala amakhala otetezeka kwambiri, ndipo mankhwala amatsalira amene akudwaladi.